Mukauzidwa kuti mphindi 10 zija zatsala 5: kudula zoyankhula popanda kutaya mfundo

Vutoli limabwera mobwerezabwereza pamisonkhano yathu. Mlendo wolemekezeka wafika mochedwa, magule adya nthawi, mitambo yayamba kuda, ndipo wotsogolera mwambo akubwera kudzakunong'onezani kuti mufupikitse, muli ndi mphindi 5 basi. Nthawi zina uthengawo umabwera dzulo lake palamya, zomwe zimakupatsani mpata wokonza bwino. Mulimonsemo, zimene munakonza ndi za mphindi 10, ndipo theka liyenera kuchoka.

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa kuti achotse ziti. Funsolo limasokeretsa, chifukwa chilichonse chimene munalemba munachilemba mutachiona kuti ndi chofunika, ndiye mukamafufuza chosafunika simuchipeza. Njira yomwe imagwira ntchito ndi kutenga pepala lopanda kanthu, kulembapo mfundo imodzi, kenako kubwezeretsa zokhazo zimene mfundoyo singayende popanda izo.

Kuti zimveke bwino titsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: mlangizi wa zaumoyo amene wakonza zoyankhula za kolera pamsonkhano wa kwa gulupu, mvula ili pafupi kuyamba.

Yambani mwadziwa kuti mphindi 5 zimanyamula mawu angati pakamwa panu

Musadalire chiwerengero cha mawu pamphindi chomwe munamva kusukulu kapena kumaphunziro. Ziwerengero zotere nthawi zambiri zimakhala za Chingerezi, ndipo mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi loti "sindinakuuzeni" lanyamula zimene chinenero china chinganene m'mawu angapo, ndipo limatenga nthawi yake pakamwa. Dziyezeni nokha. Tengani ndime imodzi ya zimene mwalemba, imirirani, iwerengeni mokweza ngati kuti wakumbuyo kwenikweni akumveni, wotchi ya pafoni ikuyenda. Ikakwana mphindi imodzi imani, muwerenge mawu amene mwanena. Chitani katatu, mutenge chiwerengero chochepa pa zitatuzo.

Tinene kuti mlangizi wathu wapeza mawu 100 pamphindi. Sakonza mawu 500. Akonza za mphindi 4 ndi theka, omwe ndi masekondi 270, kapena mawu pafupifupi 450. Masekondi 30 otsalawo ali ndi eni ake kale: kuyenda kuchoka pampando, chimkuzamawu chomwe chayamba kulira, mwana amene walira, anthu amene aseka kapena kuwomba m'manja. Wotsogolera mwambo amayamba kuwerenga nthawi pomwe watchula dzina lanu, osati pomwe inu mwatsegula pakamwa. Ndipo ngati pali chinthu choonetsa ndi manja, nthawi yake ichotsedwenso pa mawuwo, chifukwa manja akamagwira ntchito pakamwa pamachedwa.

Lembani pomwe nthawi ikupita

Musanadule kalikonse, yankhulani zonse za mphindi 10 kamodzi, mukulemba masekondi a gawo lililonse. Za mlangizi wathu zatuluka motere:

- Malonje ndi kupereka ulemu: 75
- Kudzitchula ndi kufotokoza ntchito ya ofesi yake: 30
- Mbiri ya mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023: 60
- Momwe kolera imafalikira: 70
- Kupewa, kutanthauza zimbudzi, kusamba m'manja, klorini ndi kusamala zakudya: 130
- Zizindikiro: 50
- Thanzi ORS, wobwezeretsa madzi m'thupi, ndi kupita kuchipatala: 80
- Kayendetsedwe ka maliro a munthu womwalira ndi kolera: 45
- Kubwereza ndi kuthokoza: 60

Zonse pamodzi ndi masekondi 600. Taonani kuti malonje, kudzitchula ndi kuthokoza zatenga masekondi 165, pafupifupi mphindi 3, asananene chilichonse chomwe chingapulumutse munthu. Izi sizachilendo. Pafupifupi aliyense amene amadziyeza koyamba amadabwa ndi kutalika kwa koyambira kwake. Komabe kuchotsa izi zokha sikukwanira, chifukwa pakufunika kuchoka masekondi 330. Zina mwa nkhani zenizenizo zichoka ndithu, ndipo apa ndi pomwe pali ntchito.

Mfundo yaikulu ndi chiganizo, osati mutu

"Ndiyankhula za kolera" ndi mutu. Mutu sungakuthandizeni kudula, chifukwa chilichonse pamndandanda uja ndi cha kolera. Mfundo ndi chiganizo chimodzi chokhala ndi wochita ndi chochita, chomwe mayi amene anali pamsonkhano angakauze mnzake amene anatsala kudimba. Dzifunseni kuti: akafunsidwa kuti alangizi anati chiyani, ndikufuna ayankhe kuti chiyani? Yankholo lisapitirire mawu 20 kapena 25, ndipo linenedwe ndi mpweya umodzi kapena iwiri.

Mlangizi wathu atayesa kulemba apeza kuti m'zoyankhula zake muli mfundo ziwiri zomwe zinkakhalira limodzi mwamtendere pa mphindi 10. Yoyamba ndi ya kupewa: thirani klorini m'madzi akumwa, gwiritsani ntchito chimbudzi. Yachiwiri ndi ya wodwala: munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, mumwetseni Thanzi nthawi yomweyo ndipo mupite naye kuchipatala akumwabe panjira. Pa mphindi 5 ziwirizi sizingakhale zazikulu zonse. Imodzi ikhala mwini nyumba, inayo ingotchulidwa.

Kusankha kwake sikuyendera kuti yofunika kwambiri ndi iti pa zaumoyo, poti zonse ndi zofunika. Kumayendera mafunso atatu okhudza anthu amene ali patsogolo panu. Kodi ndi iti imene sakuidziwa kapena amailakwitsa? Ndi iti imene sakaimva kwina? Ndi iti imene angaichite okha akachoka pano? Za chimbudzi ndi kusamba m'manja anthu amazimva pawailesi, kusukulu, kusikelo, ndipo mwina a gulupu eni ake azinena pamsonkhano womwewo. Koma kudikira kuti kuche, kapena kumana wodwala madzi poganiza kuti akamwa kutsegulako kuwonjezeka, ndi zolakwika zomwe zimapha munthu usiku umodzi. Mlangizi wathu asankha yachiwiri. Kukanakhala kuti m'mudzimo mwangofika klorini ndipo anthu sakudziwa kathiridwe kake, akanasankha yoyamba, ndipo zonse zotsatirazi zikanatembenuka.

Amene akukana kusankha, akufuna zonse zilowe, akumbukire pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma.

Kumanganso pamasekondi 270

Tsopano gawo lililonse lakale lifunsidwe funso limodzi: ndikalichotsa, kodi anthu alephera kumva, kukhulupirira kapena kuchita mfundo ija? Ngati yankho ndi ayi, lichoke lonse. Zotsalazo zagawidwa chonchi:

- Ulemu ndi dzina: 20
- Mfundo yaikulu, kunenedwa poyera: 20
- Chifukwa chake, kuti chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi: 40
- Zizindikiro: 40
- Kuonetsa kasungunulidwe ka Thanzi: 75
- Ulendo wa kuchipatala: 35
- Kupewa, kungoloza komwe akamve zambiri: 15
- Kubwereza mfundo ndi kutsiriza: 25

Chofunika kuchiona apa ndi chakuti gawo la Thanzi ndi chipatala silinachepe. Linali masekondi 80, tsopano ndi 110. Zoyankhula zadulidwa pakati koma mtima wake wakula. Ngati mutadula mwapeza kuti gawo la mfundo yanu yaikulu lachepa mofanana ndi ena onse, simunasankhe kanthu, mwangofinya.

Mbiri ya mliri, yomwe inali mphindi yathunthu, yasanduka chiganizo chimodzi cholowa m'gawo la chifukwa: "Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno." Zoti unayambira ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 ndi zoona, koma sizithandiza mayi kusungunula Thanzi, ndiye zatsala. Momwe matendawa amafalikira zachoka zonse, chifukwa zimatumikira mfundo ya kupewa yomwe sinasankhidwe. Za maliro zachokanso, osati chifukwa ndi zazing'ono, koma chifukwa eni ake ndi mafumu, adzukulu ndi akuluakulu a mipingo, ndipo mlangizi angakhale nawo pansi msonkhano ukatha. Nkhani ya maliro kuinena mothamanga m'masekondi 10 pagulu kumangoputa mkangano umene mulibe nthawi youthetsa.

Mwafulumiza kuyankhula m'malo modula

Chizindikiro chake ndi kuuma kukhosi, kupuma pakati pa chiganizo, ndi anthu akumbuyo amene ayamba kucheza. Chimene chachitika n'chakuti mawu akadali 700 kapena 800, ndipo mukuwakankhira m'nthawi ya mawu 450. Pabwalo, pomwe mawu a chimkuzamawu amabwerera kuchokera kukhoma la sukulu, kufulumira kumasandutsa zonse phokoso. Choyamba kutayika munthu akafulumira ndi kupuma kuja kwa pambuyo pa chiganizo chofunika, komwe ndi nthawi imene womvera amameza zimene wamva.

Mankhwala ake ndi kuwerenga mawu papepala. Akapitirira chiwerengero chanu, vuto lili papepala, osati pa lilime. Liwiro la mphindi 5 likhale lomwelo la mphindi 10.

Mwadula pang'ono paliponse

Ili ndiye vuto lofala kwambiri, ndipo limaoneka ngati chilungamo: magawo 9 onse atsala, lililonse lapatsidwa theka. Zotsatira zake ndi mndandanda wa mitu. "Tisamale zimbudzi, tisambe m'manja, tithire klorini, tidziwe zizindikiro, tithamangire kuchipatala." Palibe cholakwika m'mawu amenewa, koma palibenso chimene munthu angachigwire. Muzindikira kuti mwagwa m'vutoli ngati ziganizo zambiri zikuyamba ndi "komanso" kapena "china n'chakuti", ndiponso ngati zitsanzo zonse zachoka koma mitu yonse ilipo.

Zimachitika chifukwa chitsanzo chimaoneka ngati chokongoletsa, pomwe mutu umaoneka ngati nkhani yeniyeni. Zoona zake ndi zosiyana. Anthu amanyamula chimene anachiona ndi maso kapena m'maganizo. Mlangizi akanyamula mabotolo awiri a theka la lita, n'kuthira m'jagi, n'kung'amba paketi ya Thanzi pamaso pa anthu, masekondi 75 amenewo adzakumbukika kuposa mitu 5 ija yotchulidwa mondondoza. Choncho dulani magawo athunthu, ndipo pa gawo lotsalalo siyani chitsanzo chimodzi chamoyo. Ngati munali ndi zitsanzo zitatu za mfundo imodzi, sungani chomwe chili pafupi kwambiri ndi moyo wa omverawo, ngakhale chisakhale chomwe inu mumachikonda.

Mfundo ili kumapeto, ndipo belu lalira musanafike

Zoyankhula za mphindi 10 kawirikawiri zimakwera pang'onopang'ono: mbiri, chifukwa, kenako pempho. Dongosolo limeneli pa mphindi 5 ndi loopsa, chifukwa wotsogolera mwambo akaimirira pambali panu pa mphindi yachinayi, chomwe chadulidwa ndi pempho lenilenilo. Tembenuzani. Mfundo inenedwe isanathe sekondi ya 40, kenako zotsatirazo zikhale zoichirikiza, ndipo ibwerenso kumapeto m'mawu omwewo. Musasinthe mawu pobwereza pofuna kukometsa. Womvera akamva mawu ena amaganiza kuti ndi mfundo ina.

Koyambira kwa mlangizi wathu kukumveka motere: "Gogo Chalo, a Gulupu, mafumu onse, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amayi ndi abambo, ndaima pa ulemu womwe waperekedwa kale. Ndine mlangizi wanu wa zaumoyo, ndipo ndabwera ndi mawu amodzi. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, mumwetseni Thanzi nthawi yomweyo, ndipo mupite naye kuchipatala akumwabe panjira. Musadikire kuti kuche." Ngakhale mvula itagwa pomwepo anthu n'kubalalika, uthenga wafika.

Malonje akukana kufupika

Apa pamafunika nzeru, chifukwa ulemu sungadulidwe ngati mbiri ya mliri. Wodumpha mfumu amataya anthu asanayambe n'komwe, ndipo mphindi 5 zonse zimapita pachabe. Chimene chimadulidwa ndi mayina ndi kubwereza, osati ulemuwo. Tchulani wamkulu koposa pamalopo ndi udindo wake, ndiponso mwini malo, kenako otsalawo m'magulu: mafumu onse, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo. Ngati oyankhula oyamba atchula kale aliyense, kunena kuti mwaima pa ulemu womwe waperekedwa kale n'kololedwa, ndipo anthu amene akhala padzuwa amakuthokozerani mumtima.

Pali msampha umodzi. Mukayamba kutchula mayina a anthu a udindo wofanana, muyenera kuwamaliza onse. Kutchula magulupu awiri mwa anayi n'koipa kuposa kunena kuti "magulupu onse". Ndipo ngati inu ndinu woyamba kuyankhula, kapena ndi pamaliro, malonje ofupika kwambiri sayenera. Pamenepo apatseni masekondi 40, ndipo 20 owonjezerawo muwachotse pa zizindikiro ndi chifukwa, osati pa gawo la mfundo yaikulu.

Chinanso chochotseratu ndi kudandaula za nthawi. "Ndinakonza zambiri koma poti nthawi yatithera ndingodumphadumpha" ndi masekondi 10 otayika, ndipo amauza anthu kuti zimene amve ndi zotsalira. Amachititsanso manyazi wotsogolera mwambo. Omvera sanaone pepala lanu la mphindi 10, sadziwa chimene chachoka pokhapokha muwauze.

Mwadula, koma zotsalazo sizikugwirana

Mukachotsa gawo lathunthu, pamatsala zingwe zolendewera. Mlangizi wachotsa momwe kolera imafalikira, koma kutsogolo kwatsala chiganizo choti "monga ndanena za ntchentche zija". Kapena koyambirira akuti "ndili ndi mfundo zinayi" pomwe zatsala ziwiri. Fufuzani mawu onse oloza m'mbuyo: "zija", "monga ndanena", "chachitatu", "tibwererenso". Fufuzaninso mawu amene munawatanthauzira m'gawo lomwe lachoka, chifukwa tsopano akubwera osadziwika.

Kenako lembani chiganizo chimodzi cholumikiza magawo awiri amene kale sanali oyandikana. Chikhale chachifupi, ndipo funso limagwira bwino ntchitoyi: "Nanga mudziwa bwanji kuti yafika?" likutengerani ku zizindikiro. "Mwaziona zizindikirozi, muchite chiyani?" likutengerani ku Thanzi. Njira yabwino yoyesera ndi kuyankhula pamaso pa munthu amene sanamvepo za mphindi 10 zija. Inu simungaone mpata chifukwa mutu wanu umadzaza wokha zomwe zachoka. Mukamaliza musamufunse ngati zinali bwino, poti adzati zinali bwino. Mufunseni kuti wamva kuti achite chiyani. Akayankha kuti "tizisamala ukhondo", mfundo yanu yatayika penapake.

Mwadula chinthu chomwe chimasintha tanthauzo

Pali mawu ena aafupi amene amaoneka ngati tizidutswa, koma akachoka malangizo amasanduka olakwika. Pofupikitsa, "sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa" imatha kusanduka "sungunulani Thanzi m'madzi". Mwapulumutsa masekondi atatu, koma wina akathira paketi yonse m'kapu, ndipo madzi a mchere wochuluka chotero ndi oopsa makamaka kwa mwana. Chimodzimodzi mawu oti zotsala zitayidwe pakatha maola 24, oti wodwala akasanza mudikire pang'ono n'kupitiriza kumumwetsa pang'onopang'ono, ndi oti mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Musanadule, zungulizani ndi cholembera miyezo yonse, masiku, malo, ndi mawu monga "pokhapokha", "musanayambe", "osapitirira". Lamulo lake ndi ili: langizo lichoke lonse kapena litsale lonse ndi muyezo wake. N'chifukwa chake mlangizi wathu sanena kathiridwe ka klorini mwachidule m'masekondi 15 a kupewa aja. Akunena kuti: "Za klorini ndi muyezo wake tidzaonetsana pachitsime tsiku logawa, musaphonye." Izi zikugwiranso ntchito pa nkhani zina: mlangizi wa zaulimi sanganene za mankhwala a m'nkhokwe osanena muyezo, msungichuma wa banki m'khonde sanganene za ngongole osanena tsiku lobweza.

Kunyumba zinakwana, pabwalo zafika mphindi 7

Zifukwa zake zimakhala zitatu kawirikawiri. Choyamba, munayesera chamumtima kapena monong'ona, zomwe zimathamanga kuposa mawu okweza. Chachiwiri, lilime labwerera kunjira yakale. Ngati za mphindi 10 munaziyankhulapo kangapo, pakamwa panazolowera kuti pambuyo pa chiganizo chakuti pamabwera nkhani yakuti, ndipo mudzapezeka mwalowa m'mbiri ya mliri musanaganize. Kufufuta ndi cholembera papepala lakale sikuthandiza, chifukwa maso amawerengabe zofufutidwazo. Lembani pepala latsopano, lakalelo lisiyeni kunyumba, ndipo yeserani mokweza katatu kapena kanayi, makamaka polumikizira paja pomwe njira yakale imapatukira.

Chachitatu ndi kukoma kwa anthu. Aseka, avomera, wina wakuwa kuti "zoona", ndipo inu mwawonjezera kankhani. Pofuna kudziteteza, ikani zizindikiro ziwiri za nthawi m'mphepete mwa pepala. Mlangizi wathu walemba kuti pa 2:00 akhale atanyamula botolo, pa 3:50 akhale atamaliza za ulendo wa kuchipatala. Akaona kuti 2:00 yakwana akadali pa zizindikiro, akudziwa kale chochita: chiganizo cha kupewa chichoka, ndipo pa zizindikiro atchula ziwiri zokha, chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga ndi kusanza, n'kusiya za maso olowa ndi khungu lokwinyika. Chodula mwadzidzidzi chisankhidwe muli kunyumba. Munthu amene akusankha ali chiimire pamaso pa anthu amadula chomwe chili kutsogolo kwake, ndipo chomwe chili kutsogolo nthawi zonse ndi mathero.

Choonetsa nachonso chimadya nthawi mobisa. Paketi yokana kung'ambika, botolo lotsekedwa mwamphamvu, supuni yosowa, chilichonse ndi masekondi 15. Madzi akhale atayezedwa kale m'mabotolo, paketi itayambidwa kung'ambidwa pakona, ndipo wina akugwirireni chimkuzamawu kuti manja onse awiri akhale omasuka.

Pali womasulira

Kumadera komwe zoyankhula zanu zimasuliridwa m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena kapena m'Chingerezi chifukwa cha alendo, funsani msanga ngati mphindi 5 zo zikuphatikiza womasulira. Nthawi zambiri zimaphatikiza. Ndiye kuti zanu ndi mphindi 2 ndi masekondi pang'ono, mawu osapitirira 220 pa liwiro la mlangizi wathu, chifukwa womasulira amatenga nthawi yofanana ndi yanu, ena amaposa. Pamenepo chotsala ndi ulemu, mfundo, choonetsa ndi kubwereza. Ubwino wake ndi wakuti manja anu angapitirize kuthira ndi kutakasa pomwe iye akuyankhula. Muuzeni chiganizo cha mfundo yaikulu ndi miyezo musanayambe, kuti asachimasulire mosiyana kawiri konse.

Pali zithunzi zoonetsa pakhoma

Kumaphunziro ndi kumaofesi vuto limakhala la masilaidi. Munthu ali nawo 12, ndipo akuganiza kuti angowadutsa msanga. Kudina mothamanga uku mukuti "iyi tiidumphe" kumaonetsa anthu zonse zimene akumanidwa, ndipo maso awo amatsalira pa chomwe chadutsa. Pangani fayilo ina ya masilaidi 4 kapena 5, kapena bisani otsalawo kuti asaoneke n'komwe. Loyamba la mutu, la ndondomeko ya zimene mukambe ndi lomaliza lothokoza ndi oyamba kuchoka. Ngati kulumikiza kompyuta kukutenga nthawi ndipo nthawiyo ikuwerengedwa kwa inu, yankhulani opanda masilaidi.

Akuluakulu akufuna kuti china chake chitchulidwe

Zimachitika kuti abwana akuti bungwe lothandiza lithokozedwe, kapena ntchito yakuti itchulidwe. Musakangane nazo, koma musazipatse gawo. Zilowe m'chiganizo chomwe chilipo kale: ponyamula paketi, nenani kuti mapaketiwa afika ndi thandizo la akutiakuti ndipo akupezeka kwa mlangizi. Masekondi 5 akwana. Chosayenera ndi kuika kuthokozako pamapeto penipeni, chifukwa mawu omaliza ndi amene anthu amanyamuka nawo. Thokozani kaye, kenako mutsirize ndi mfundo.

Mwauzidwa muli kale pampando

Apa palibe nthawi yolemba pepala latsopano, mwina muli ndi mphindi ziwiri pomwe kwaya ikuimba. Tengani cholembera muchite zinthu zinayi papepala lomwe muli nalolo. Lembani pamwamba chiganizo cha mfundo. Zungulizani gawo limodzi lomwe likuichirikiza kwambiri, pamodzi ndi chitsanzo chake ndi miyezo yake. Jambulani mtanda waukulu pa magawo ena onse, ndipo ngati ali patsamba lawolawo, tsambalo lipindeni muliike m'thumba. Pomaliza dulani mzere pansi pa chiganizo chomwe mutsirizire.

Pemphani amene mwakhala naye pafupi kuti akweze dzanja ikakwana mphindi yachinayi. Dzanjalo likakwera, malizani chiganizo chomwe muli nacho pakamwa, musayambe china chatsopano, lumphirani pa chiganizo chotsirizira chija. Amene amayankhula kawirikawiri pamisonkhano yotere amachita bwino kukonzeratu mitundu iwiri nthawi iliyonse, ya mphindi 10 ndi ya mphindi 5, pamapepala osiyana, ndipo pansi pa lalifupilo n'kulembanso ziganizo zitatu zoti anene ngati atauzidwa kuti angopereka moni.